Msonkhano wa Akhwangwala pa Mnzao Wakufa

Khwangwala ndi mbalame yodziwika m'midzi yonse. Nthenga zake ndi zakuda, koma pachifuwa ndi m'khosi pali poyera ngati wavala nsalu ya bafuta. Sasankha chakudya, pakuti adya chimanga, mtedza, ziwala, mazira a mbalame zinzake, anapiye, ndi nyama yakufa yomwe. Chifukwa cha ichi alimi ndi amai oweta nkhuku samkonda. Komatu ngakhale omuda avomereza kuti ali wochenjera, ndipo akulu akale anati, khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba.

Pali chinthu chimodzi chimene akhwangwala achita chimene chazizwitsa anthu a m'maiko ambiri. Khwangwala wina akafa, nagwa pambali pa munda kapena patsinde pa mtengo, mnzake woyamba kumuona sapitirira ulendo wake. Atera pa nthambi yapafupi, nasuzumira pansi, nayamba kulira ndi mau okalipa, osafanana ndi kulira kwake kwa masiku onse. Posakhalitsa ena akumva mauwo afika kuchokera uku ndi uko, nadzaza mitengo, ndipo onse akuwa pamodzi mpaka munthu sangamve mnzake polankhula. Ena auluka mozungulira, ena atsika mwaliwiro kufikira pafupi ndi mtembowo, nakweranso osatera. Phokoso likhala nthawi yosafika ola lathunthu, kawirikawiri yochepa ndithu. Pamenepo lizilala, ndipo mbalamezo zichoka imodziimodzi, mtembo uli gone pomwepo.

Anthu poona ichi amati akhwangwala ali pa maliro. Mauwo ali okoma kumva, koma salongosola kanthu. Kumene khwangwala wafera kungakhale mphaka, kabawi, kapena munthu wa legeni ali chibisalire. Nanga mbalame yamantha chotere ipitiranji kumeneko, ndi kuitananso anzake? Ikadakhala yofuna kupulumutsa moyo wake wokha, bwenzi itathawa mwakachetechete.

Funso ili analifunsa anthu awiri a pa Yunivesite ya Washington, mumzinda wa Seattle, umene uli kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Amereka. Mmodzi anali mphunzitsi dzina lake John Marzluff, amene anatha zaka zambiri akupenyetsetsa makhalidwe a akhwangwala. Wina anali wophunzira wake, mai dzina lake Kaeli Swift. Akhwangwala a dziko limenelo ali akuda thupi lonse, opanda choyera pachifuwa, koma ndi abale enieni a khwangwala wa kuno ku Afirika, monga galu wakuda ndi galu wamawanga onse ali agalu. Zimene zikambidwa m'munsimu zinayesedwa pa akhwangwala akudawo.

Awiriwa anaganiza kuti kapena akhwangwala asonkhana pa mtembo kuti aphunzire za choopsa: kuti adziwe malo amene imfa yachitikira, ndi kuzindikira mdani amene wapha. Koma kuganiza sikudziwa. Mbalame siingafunsidwe, ndipo munthu akafuna yankho lake ayenera kukonza zinthu kotero kuti iyankhe ndi machitidwe ake. Njira imene anapeza ndi iyi.

Nyengo yakuswa ana, khwangwala wamwamuna ndi mkazi wake akhala ndi dera lao lozungulira chisa, ndipo sachokamo. Tsono Swift anasankha madera ambiri otere mumzindamo, otalikirana, kuti mbalame za dera lina zisaone zochitika ku dera linzake. M'dera lililonse ankafika pa nthawi imodzimodzi masiku 3 otsatana, naika mulu wa chakudya pansi, makamaka mtedza, nakaima patali ali ndi wotchi m'manja. Iye ankawerenga mphindi zopita kuyambira poika chakudya kufikira khwangwala woyamba atatera kudzatola. Chiwerengero chimenechi ndicho chinali muyeso wa ntchito yonse, pakuti mbalame yopanda mantha itera msanga, koma yokayika izengereza pa nthambi.

Tsiku lachinai anaikanso chakudya monga kale. Koma akhwangwala atabwera, panatulukira munthu wachilendo, wovala chigoba cha mphira chophimba mutu wonse, chooneka ngati nkhope ya munthu. Mlendoyo anatambasula manja ake kutsogolo monga wopereka mbale ya nsima, ndipo pa manjapo panagona khwangwala wakufa. Sanali wophedwa tsiku lomwelo ai. Anali wakufa kale, amene chikopa chake chinaumikidwa pamodzi ndi nthenga, ndi kulongedwa zinthu m'kati kuti aoneke ngati wangofa kumene. Mlendoyo anaima pafupi ndi chakudya mphindi 30, osathamangitsa mbalame, osaponya mwala, osanena kanthu. Nthawi itakwana anachoka.

Chigobacho chinali ndi ntchito yake. Othandiza pa ntchitoyi anali ambiri, ndipo wobwera lero kapena sakadapeza mpata wobwera sabata yamawa. Koma chigoba chimodzi chingavalidwe ndi anthu osiyana, nkhope nikhala yomweyo pamaso pa mbalame. Motero ngati akhwangwala adzakalipira wovala chigobacho tsiku lina, kudzadziwika kuti azindikira nkhope, osati malaya kapena msinkhu kapena mayendedwe. (Anthu a mumzinda poona munthu wa nkhope yosaphethira ataima duu pambali pa mseu ndi mbalame yakufa m'manja anachita mantha, ndipo nkosadabwitsa, chifukwa chake othandizawo ankavala chikwangwani cholongosola ntchito yao.)

Pamene akhwangwala anaona mnzao pa manja a mlendo, pafupifupi m'madera onse anayamba kukalipa. Kawirikawiri kukuwa kwao kunaitana akhwangwala a m'madera oyandikana, ndipo khamu linasonkhana m'mitengo ndi pa nthambo za magetsi; ena anatsika mwaukali pamutu pa wovala chigoba. Uwu ndiwo msonkhano womwe uja anthu autcha maliro, ndipo tsopano unachitika pa nthawi ndi pa malo osankhidwa ndi munthu.

Komabe wina akadatsutsa, nati, Kapena mbalamezo zinaopa chigoba chokha, kapena zikalipira munthu aliyense wonyamula kanthu ka nthenga. Kutsutsa kumeneku kuli koyenera, ndipo wofufuza wosakuyankha sanatsirize ntchito yake. Tsono m'madera ena wovala chigoba anaima chimanjamanja, akhwangwala sanamsamale. M'madera enanso ananyamula nkhunda yakufa m'malo mwa khwangwala. Pamenepo kukalipa kunamveka nthawi zina zokha, monga kanai pa maulendo 10 alionse, ndipo kunali kofooka. Kotero chimene chiutsa mkwiyo waukuluwo si chigoba, si imfa ya mbalame iliyonse, koma imfa ya mmodzi wa mtundu wao.

Anayesanso ndi mdani weniweni wa akhwangwala a kumeneko, ndiye kabawi wamkulu wa mchira wofiira, nayenso woumikidwa. M'malo ena anamuika pa nthambi ali yekha, wovala chigoba ataima pambali. M'malo ena anamuika pamodzi ndi khwangwala wakufa, monga ngati wangomugwira. Pa zonse zimene anayesa, ichi chotsiriza ndicho chinautsa phokoso loposa, pakuti mtembo ndi wakupha zinaonekera pamodzi.

Koma mtima wa nkhani uli pa zimene zinachitika mlendo atachoka. M'mawa mwake Swift anabweranso ndi chakudya chake, pa malo omwe aja, pa nthawi yomwe ija, popanda chigoba, popanda mtembo, popanda kabawi. Chakudya chinali chomwecho, wochiika anali yemweyo amene mbalame zinamzolowera. Koma akhwangwala amene dzana anatera msanga, tsopano anazengereza. Anakhala pa nthambi nthawi yotalikirapo, akuyang'ana uku ndi uku, asanalimbe mtima kutsika. Ndipo kuzengereza kumeneku kunaonekabe masiku 3 onse amene anayesa pambuyo pake. M'madera amene munalibe choopsa chilichonse, mbalame sizinazengereze chotero. Ichi chitanthauza kuti akhwangwala anasunga malowo mumtima, kuti pano pali imfa, ngakhale maso ao sanaonenso kanthu.

Kenaka anayesa ngati nkhope ija ikumbukika. Wovala chigoba anabwerera ku deralo kamodzi pa sabata, manja ali opanda kanthu. Akhwangwala ambiri anamkalipira pomuona, ndipo ena anachitabe chotero kufikira masabata 6, pamene kuyesako kunalekera. Munthuyo sanawapweteke konse, ndipo anamuona ali ndi mtembo kamodzi kokha, mphindi 30 zokha; koma kamodziko kanakwanira kumuyesa mdani. Zotsatira zonsezi anazisindikiza m'chaka cha 2015.

Anayesanso nkhunda za mumzinda m'njira yomweyo, kuzionetsa nkhunda inzao yakufa pafupi ndi chakudya. Izo zinangopitiriza kutola, osasamala. Kotero mwambo uwu suli wa mbalame zonse. Upezeka makamaka pa akhwangwala ndi abale ao. Mu 2012 Teresa Iglesias ndi anzake a ku California analemba za mbalame ina ya nthenga zobiriwira ngati thambo, ya banja lomweli la akhwangwala: iyonso isonkhana ndi kukuwa pa mnzake wakufa, nichepetsa kudya pa malopo koposa tsiku lathunthu, koma ataiikira timitengo topakidwa utoto wofanana ndi nthenga zake, siinachite kanthu.

Tsopano funso lija la poyamba lingathe kuyankhidwa. Khwangwala woyamba akakuwa, mkazi wake ndi ana ake ndi anansi ake achenjezedwa asanafike pansi. Ichi ndi phindu loyamba. Lachiwiri ndi lakuti adani ambiri a khwangwala, monga kabawi, kadzidzi ndi mphaka, agwira nyama modzidzimutsa. Mdani wotere akaonedwa ndi kukuwizidwa ndi khamu, usaki wake watha, ndipo kawirikawiri achoka. Ana a m'midzi aona ichi pamene akhwangwala a chifuwa choyera athamangitsa kabawi kapena chiombankhanga m'mwamba, wina akumjompha kumsana, wina akumtsekereza kutsogolo. Khwangwala mmodzi sangalimbane ndi mbalame yotere, koma pakati pa ambiri tsoka la aliyense lichepa, popeza mdani sangagwire onse, ndipo maso ambiri aona msanga pamene atembenuka. Phindu lachitatu ndilo limene kuyesa kwa ku Seattle kunaonetsa: aliyense wobwera ku msonkhanowo abwerera kwao atadziwa malo oyenera kuwaopa ndi nkhope yoyenera kuithawa, ndipo nzeruyo waipeza iye mwini osalasidwa. Wakufayo walipira mtengo, amoyo natenga phunziro.

Nzeru yotere siikhala ndi oona okha, ifalikira. Ichi Marzluff anachiona kale asanayambe za mitembo. Mu 2006 iye ndi anzake anavala chigoba china cha nkhope yoopsa, nakola akhwangwala 7 pabwalo la yunivesite, nawamanga timphete kumiyendo, nawamasula. Pambuyo pake, akayenda pabwalopo atavala chigoba chomwecho, akhwangwala ankamkalipira. Akavala chigoba china chimene sichinakolepo mbalame, ankamleka apite. Chodabwitsa nchakuti okalipawo anachuluka m'kupita kwa zaka, m'malo mochepa. Tsiku lina, patapita zaka ziwiri, anakomana ndi akhwangwala 53 pa ulendo umodzi, ndipo 47 a iwo anamkalipira, chikhalirecho okoledwa anali 7 okha. Enawo anaphunzira poona anzao akukuwa, ndipo ana obadwa pambuyo anaphunzira poona makolo ao. Umo ndimo mbiri ya mdani iyendera pakati pa akhwangwala, ndipo msonkhano wa pa mtembo uli ngati bwalo pamene mbiriyo iyambira.

Komatu bwalo la akhwangwala siliweruza molungama nthawi zonse. Iwo safufuza chimene chapha mnzao. Atenga amene ampeza pafupi ndi mtembo, namuyesa wakupha. Wovala chigoba uja sanaphe kanthu, koma anatsutsidwa. Ndipo imfa zambiri za akhwangwala zilibe nkhope yoti nkuizindikira. Mu 1999 nthenda yotchedwa West Nile, yofalitsidwa ndi udzudzu, inafika ku New York, ndipo m'zaka zotsatira inapha akhwangwala ochuluka kwambiri m'dziko la Amereka. Pa imfa yotere kukuwa sikuthandiza, pakuti udzudzu suthawa phokoso, ndipo palibe mdani woti mbalame zimkumbukire. Mwambowo ugwira ntchito pa kabawi ndi pa mlenje. Pa nthenda ndi pa chiphe ulephera, koma akhwangwala auchitabe, popeza kwa iwo kuopa pachabe kuli kwabwino koposa kusaopa pamene pali choopsa.

Kodi tsono akhwangwala amva chisoni? Khwangwala akhala ndi mkazi mmodzi zaka zambiri, kawirikawiri kufikira imfa, ndipo wina akafa, wotsalayo wataya mnzake womanga naye chisa ndi kulera naye ana. Koma wotchi ya Swift inayesa kuzengereza, siinayese mtima. Ndiponso mitembo imene anaonetsa inali ya akhwangwala achilendo, amene mbalame za m'deralo sizinawadziwe konse, koma zinasonkhanabe ndi kukuwa. Pamenepo paoneka kuti msonkhanowo sudikira chibale. Pa maliro a anthu obwera alira munthu amene anamdziwa, nasambitsa mtembo, nauika m'manda. Akhwangwala sachita zotere. Ambiri sakhudza mtembo nkomwe. Pamene Swift ndi Marzluff anayesanso, nasiya mtembo pansi wokha popanda munthu pafupi, anapeza kuti monga pa ulendo umodzi mwa maulendo 4 alionse khwangwala wina anatsika kudzaukhudza, ndipo kukhudzako kunali kuujompha, kuukoka phiko kapena mchira, ngakhale kuumwetula. Izi anazilemba mu 2018. Ndiye chifukwa chake mau akuti maliro ayenera kutengedwa ngati fanizo chabe.

Mwana wopenyetsetsa angathe kusiyanitsa msonkhano uwu ndi misonkhano ina ya akhwangwala, ngakhale ali patali. Pamene apeza chakudya, monga mbuzi yakufa kapena zotaya za pamsika, atera pansi, nakankhana, nalandana, ndipo wotola nthuli athawa nayo. Madzulo posonkhana kukagona, adza m'magulu kuchokera kutali, nalowa m'mitengo yaitali, ndipo ichi chichitika tsiku ndi tsiku pa malo omwewo. Koma msonkhano wa pa mtembo uyamba modzidzimutsa, nthawi iliyonse ya usana. Mbalame zikhala m'mwamba, milomo yonse italoza malo amodzi pansi, mau ali okalipa ndi obwerezabwereza, ndipo palibe ikudya. Milomoyo ikaloza pakati pa masamba a mtengo, osati pansi, kawirikawiri pali kadzidzi kapena mdani wina wamoyo amene wabisala pamenepo.

Alimi a m'maiko ambiri anadziwa mbali ya nzeru iyi kalekale, ndipo apachika khwangwala wakufa pa mtengo pakati pa munda kuti anzake aope. Njirayi igwira ntchito masiku oyamba, pa chifukwa chomwe chija chinachedwetsa mbalame za ku Seattle pa mulu wa mtedza. Koma ngakhale kumeneko akhwangwala anazengereza chabe, sanaleke kudya; njala ikakula, ndipo masiku akapita popanda wina kufanso, mantha achepa, nabwerera ku chimanga. Ndiponso mlimi wopachika mtembo masana, akhwangwala ali kupenya, adzigulira adani odziwa nkhope yake, amene adzamkuwiza akamuona, ndi kulowa m'munda iye akachoka.

Chomwecho mwana akapeza khwangwala wakufa pabwalo la sukulu kapena kuseri kwa nkhokwe, asamtole ndi manja. Mbalame yofa yokha ingakhale ndi nthenda, ndipo akhwangwala a m'mitengo adzamuyesa iye wakupha, namkalipira masabata ambiri popita ndi pobwera. Auze munthu wamkulu, ndipo adikire kufikira madzulo, akhwangwala atapita kogona. Pamenepo wamkuluyo anyamule mtembowo ndi khasu, naukwirire m'dzenje lakuya, kumene agalu ndi nkhuku sizingaufukule.